Mnzanu akayamba kuyankha liwu limodzi: zoyenera kuchita macheza a pafoni asanazilale

Tsiku lina madzulo, cha m'ma 7, ndinalembera mnzanga amene tinaphunzira limodzi uthenga wa mizere isanu ndi itatu. Ndinamuuza za kuntchito kwanga, ndinafunsa za mayi ake, ndinafunsa ngati mwana wake wayamba kuyenda, n'kumaliza ndi funso loti tidzaonana liti. Yankho linafika mawa lake masana, ndipo linali liwu limodzi lokha: "Zoona." Ameneyu ndi munthu woti miyezi iwiri m'mbuyomo tinkacheza mpaka foni kutentha m'manja. Mtima unandipweteka, ndipo ndinachita zimene ambiri timachita: ndinawonjezera mauthenga ena atatu pamwamba pa woyamba uja. Anakhala chete masiku anayi.

Zimene ndikulemba panozi ndinaziphunzira pa ubwenzi umenewu ndi pa ena angapo. Mfundo yake ndi imodzi. Uthenga uliwonse umene mumatumiza ndi kakatundu kamene mukusenzetsa mnzanu, chifukwa ayenera kuwerenga, kuganiza, ndi kupeza mawu oyankha. Mayankho ake akayamba kufupika, nthawi zambiri ndiye kuti katunduyo wamulemera, kaya chifukwa cha kutopa, mavuto, kukhumudwa, kapena chidwi chimene chikuchepa. Tsono ife tikaona zimenezi timathamangira kumuwonjezera katundu wina. Ntchito yanu ndi kumupeputsira, ndipo izi zili ndi ndondomeko yake.

Yambani ndi kuwerenga, musalembe kanthu

Musanalembe chilichonse, bwererani m'mbuyo m'macheza anuwo ndipo muwerenge mauthenga 30 kapena 40 omaliza ngati kuti ndi a anthu ena. Mukufuna kupeza zinthu zinayi. Mayankho anayamba kufupika liti, ndipo zinachitika mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Amene amayambitsa nkhani ndani? Mnzanuyo anakufunsani funso komaliza liti? Ndipo pa mauthenga anu onse, ndi ati amene anawayankha motalikirapo, nanga inali nthawi yanji?

Gawo limeneli anthu amalidumpha, koma ndi limene limakuuzani njira yoyenera kutsata, chifukwa "eya" ali ndi magwero osiyanasiyana. Ngati macheza anali bwinobwino Lachiwiri ndipo Lachitatu anangoti zii, yang'anani zimene zinalembedwa Lachiwirilo. Mwina pali nthabwala imene inapitirira malire, mwina anakuuzani nkhani yomuwawa inu n'kuyankha ndi kaimoji koseka, mwina anapempha thandizo ndipo simunabwererenso pa nkhaniyo. Kuzilala kwa mwadzidzidzi kawirikawiri kumakhala ndi chifukwa chimene mungachiloze ndi chala.

Ngati mayankho akhala akuchedwa ndi kufupika pang'onopang'ono, koma akafika amakhalabe ndi kafungo ka ubwenzi, monga "pepa aise, ndachedwa" kapena kukutchulani dzina limene amakutchulani iye yekha, ndiye kuti munthuyo watanganidwa kapena pali chimene chikumusowetsa mtendere. Ubwenziwo sunathe. Mphamvu zolembera ndi zimene zatha.

Mtundu wachitatu ndi wowawa. Amayankha msanga ndithu, koma mayankho ake ndi opanda kanthu: "kkk", "oho", "chabwino". Safunsa chilichonse chokhudza inu, sayambitsa nkhani, ndipo ngakhale mutakhudza nkhani imene amaikonda sasuntha. Apa n'kutheka kuti chidwi chikuchepa. Ndikuti n'kutheka, chifukwa pali anthu ena amene chibadwire sakonda kulemba. Munthu wotere mumamudziwa poyerekeza ndi kale: ngati chaka chathachi ankayankhanso choncho koma mukakumana mumacheza mpaka usiku, palibe chimene chasintha, ndipo musadzivutitse.

Ine nditawerenga macheza anga ndi mnzanga uja, ndinapeza zinthu ziwiri zimene sindinazione ndili wokhumudwa. Kwa milungu isanu, mayankho ake onse ankabwera pakati pa 1 koloko ndi 2 koloko masana, kapena cha m'ma 5 m'bandakucha. Madzulo sankayankha n'komwe, pamene ine madzulo ndiye nthawi imene ndinkalemba. Chachiwiri, pafupifupi uthenga wanga uliwonse unali ndi mafunso atatu kapena anayi. Yankho lalitali lomaliza limene anandipatsa linali pa chithunzi chimodzi chimene ndinamutumizira popanda funso lililonse.

Ndinene pang'ono za matiki a pa WhatsApp, chifukwa asokoneza mitima ya anthu ambiri. Tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka pa foni yanu koma sunafike pa yake, mwina foni yazima kapena alibe intaneti. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika. Awiri abuluu ndiye kuti watsegulidwa. Koma munthu akhoza kuzimitsa Read receipts mu Settings, pa Privacy, ndipo matiki sasanduka abuluu ngakhale wawerenga. Akhozanso kuwerenga uthenga pamene watulukira pamwamba pa sikirini osautsegula. Komanso akhoza kuutsegula ali pakati pa ntchito, matiki n'kusanduka abuluu, iye osawerenga mpaka kumapeto. Mawu oti online nawonso amangosonyeza kuti WhatsApp ndi yotsegula pa foni yake, mwina akuyankha abwana ake. Matiki amakuuzani za foni, sakuuzani za mtima wa munthu. Musamange mlandu pa iwo.

Dikirani, ndipo dziwani kuti mudikira mpaka liti

Pali chifukwa chimene kukhala chete kwa mnzathu kumatipwetekera chonchi. Mu 2009, Tanya Stivers ndi anzake anayeza macheza a pamasom'pamaso m'zinenero 10 za m'madera osiyanasiyana a dziko lapansi, ndipo anapeza kuti munthu akafunsa funso, yankho limayamba pakangodutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Tinazolowera zimenezo kuyambira tili ana. Mukafunsa munthu amene mwakhala naye pampando umodzi ndipo iye n'kukhala duu masekondi atatu, mumadziwa kuti pali vuto. Khutu lomwelo ndi limene timapita nalo pa foni, pomwe maola asanu a chete akhoza kungotanthauza kuti munthu ali m'tulo kapena foni ili pa tchaji m'chipinda china.

Ndiye mudikire nthawi yaitali bwanji? Muyeso wake ndi mnzanuyo, osati mtima wanu. Ngati masiku ano akumatenga tsiku lathunthu kuti ayankhe, dikirani masiku awiri kapena atatu musanalembenso. Ngati akumatenga masiku atatu, mpatseni mlungu. Ndipo pasakhale mauthenga anu oposa awiri otsatizana amene sanayankhidwe. Akafika anayi kapena asanu, munthu akatsegula foni amaona ngongole. Amadziuza kuti ayankha akapeza nthawi yokwanira yoyankha zonse bwinobwino, nthawiyo sipezeka, manyazi amakula, ndipo tsiku lililonse limene ladutsa limapangitsa kuyankha kukhala kovuta kuposa dzulo. Anthu ambiri amene amaoneka ngati akutinyalanyaza amakhala atakodwa mu msampha umenewu.

Pa nthawi yodikirayi pali zinthu zitatu zimene zimawononga kwambiri. Kutumiza chizindikiro cha funso chokha, kapena "uli pompo?", kuli ngati kugogoda pa chitseko cha munthu amene mukudziwa kuti wakumvani. Kufufuta uthenga pogwiritsa ntchito Delete for everyone nakonso sikuthandiza, chifukwa kumbali kwake kumatsala mawu oti This message was deleted, ndipo iye amayamba kudzifunsa kuti munalemba chiyani chimene mwachita nacho manyazi. Chachitatu ndi kuika sitetasi yolasa, yonena za anzathu amene amasintha akapeza bwino. Mnzanuyo adzadziwa kuti mukunena iye, anthu enanso adzadziwa, ndipo nkhani imene inali ya anthu awiri idzakhala ya pagulu. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndi kwa masiku owerengeka chabe.

Lembani uthenga wopepuka

Apa ndiye pagona nkhani, choncho ndikhalapo pang'ono.

Mauthenga amene timatumiza pofuna kudzutsa macheza nthawi zambiri ndi amene amawapha. Taonani "Zikuyenda?" kapena "Wadzuka bwanji?" Ndi moni wabwino, koma yankho lake ndi lodziwika kale: "Bho", "Ndadzuka bwino". Mwafunsa funso la liwu limodzi ndipo mwalandira liwu limodzi. Ndiye pali "Wasowatu" ndi "Watitaya masiku ano". Pakamwa, mukuseka ndi kugwirana chanza, mawu amenewa ndi achikondi. Pa sikirini, kwa munthu amene akudziwa kale kuti sanayankhe mauthenga anu atatu, amamveka ngati kuzenga mlandu, ndipo ayenera kuyamba ndi kupepesa ndi kufotokoza. Munthu wotopa safuna kuyamba macheza ndi kudziteteza. Kumbali inayi kuli funso lalikulu kwambiri, monga "Tandiuza, moyo ukuyenda bwanji masiku ano?" Kuti aliyankhe moona ayenera kulemba tsamba lathunthu, ndiye amasankha "Uli bwino."

Uthenga umene umagwira ntchito umakhala ndi nkhani imodzi yokha. Umayamba ndi kupereka kanthu musanapemphe kanthu. Umakhudza chinthu chimene chili cha inu awiri, choti simungatumizire munthu wina aliyense. Ndipo ngati muli funso, likhale loti akhoza kuliyankha m'masekondi khumi ali chiimire, koma losayankhika ndi "eya" kapena "ayi".

Kupereka kanthu kukutanthauza kuti inu muyambe kuika nkhani patebulo: chimene mwaona lero, chimene chakukumbutsani iye, chithunzi, kapena kanthu kakang'ono ka m'moyo wanu. Mukangofunsa osapereka, macheza amasanduka ngati kufunsidwa mafunso ku ofesi, ndipo mnzanuyo ndi amene amagwira ntchito yonse yobweretsa nkhani. Koma kuperekako kusakhale kutumiza mavidiyo ndi nthabwala zimene zikuzungulira m'magulupu. WhatsApp imalembapo Forwarded pamwamba, ndipo aliyense amadziwa kuti zimenezo zapita kwa anthu makumi awiri. Yankho lake ndi "kkk", basi.

Kwa mnzanga uja ndinadikira masiku asanu. Kenako ndinapeza kope lakale la masamu limene munali zolemba zake m'mphepete, pomwe ankandiwerengera masiku otsala kuti titseke sukulu. Ndinalijambula, n'kutumiza nthawi ya 1 koloko masana, nthawi imene ndinaona kuti amagwira foni. Pansi pake ndinalemba kuti: "Aise, taona chimene ndapeza m'katoni. Dzanja lako ili. Mphunzitsi amene anatilanda kope limeneli anali wa masamu kapena wa sayansi? Ukayankhe ukapeza mpata, palibe changu."

Taonani mmene uthengawu unapangidwira. Sunatchule za kusowa kwake ngakhale pang'ono. Unali ndi chinthu chooneka ndi maso. Funso lake linali losankha pakati pa zinthu ziwiri, ndipo yankho anali nalo kale m'mutu, losafuna kuganiza za mavuto ake a lero. Mawu omalizawo, oti palibe changu, anamuchotsera ngongole. Mawu amenewa muziwalemba pokhapokha ngati mukunenadi zoona, chifukwa mukalemba "palibe changu" kenako n'kufunsa madzulo kuti bwanji sunayankhe, simudzakhulupiridwanso.

Anayankha patapita mphindi 20: "Wa sayansi! Uja ankayenda ndi rula m'thumba. Ukusungabe zimenezi iwe?" Mizere iwiri, ndi funso lake loyamba m'milungu isanu.

Ngati munthuyo mwangodziwana naye kumene ndipo mulibe zakale zoti mukumbutsane, gwiritsani ntchito zimene anakuuzanipo. Ngati ananena kuti Lachinayi ali ndi mayeso oyendetsa galimoto, Lachinayi madzulo mufunseni kuti chinamuvuta kwambiri n'chiyani, kubwerera m'mbuyo kapena kunyamuka pa chitunda. Funso lotere limamuuza kuti munamvetsera, ndipo anthu ambiri sazolowera kumvetseredwa.

Yankho likabwera, musalikhamukire

Apa ndi pamene ambiri timagwera kachiwiri. Munthu wayankha mizere iwiri, ife chimwemwe chatigwira, ndipo tikumukhuthulira zonse zimene tinasunga mwezi wathunthu. Iye amaona kuti kuyankha kamodzi kumabweretsa katundu wa mizere makumi awiri, ndipo amabwerera ku "eya".

Yankho lanu lifanane ndi lake kutalika, kapena lipitirire pang'ono chabe. Akalemba mizere iwiri, lembani iwiri kapena itatu. Ndipo funso lanu lotsatira lichokere m'mawu ake, osati m'mutu mwanu. Mu 2017, Karen Huang ndi anzake a ku yunivesite ya Harvard anafufuza macheza a anthu osadziwana, ena mwa iwo akulemberana pa kompyuta, ndipo anapeza kuti amene ankafunsa mafunso ambiri ankakondedwa kwambiri ndi anzawo ocheza nawo, makamaka mafunso otsatira pa zimene mnzawo wangonena kumene. Kusiyana kwake n'koonekeratu. Mnzanu akati "Ndatopa, ndangofika kumene", funso losintha nkhani ndi loti "Nanga mpira wa dzulo unaonera?" Funso lotsatira ndi loti "Wafika mochedwa chonchi, akusinthira nthawi yoweruka?" Loyambalo limamuuza kuti mawu ake angodutsa. Lachiwirilo limatola liwu limene iye waponya.

Ngakhale yankho la liwu limodzi nthawi zina limakhala ndi pogwira. "Ndatopa" ali ndi pogwira. "Mwina" ali ndi pogwira, chifukwa mukhoza kufunsa chimene chikumukayikitsa. Koma "chabwino" ndi kachala koloza m'mwamba ndi zitseko zotseka nkhani. Zikabwera zimenezo, nkhani imeneyo yatha, ndipo musaikokere. Ikani kaimoji pa uthenga wakewo kusonyeza kuti mwaona, n'kusiya.

Chinthu china chimene ndinachedwa kuchiphunzira ndi kutseka macheza adakali otentha. Mukasinthana mauthenga asanu kapena asanu ndi limodzi abwino, tsanzikani inuyo: "Ndibwerere ku ntchito, koma nkhani ya mphunzitsi uja sinathe." Mukadikira mpaka mayankho ayambenso kufupika, chimene chimatsala m'mutu mwake ndi kutopa kwa kumapeto. Mukatsanzika msanga, amatsala ndi kukoma kwake, ndiponso amadziwa kuti kucheza nanu sikumudyera ola lathunthu.

Sinthani njira

Anthu ena kulemba kumawatopetsa, makamaka amene amagwira ntchito ya manja kapena amene amakhala pa kompyuta tsiku lonse. Yesani uthenga wa mawu, koma waufupi, wa masekondi 20 kapena 30. Wa mphindi zinayi ndi katundu wolemera kuposa mizere khumi, chifukwa sangaumvere pagulu kapena pa ntchito, ndipo sangauyang'ane mwachangu kuti adziwe ngati muli nkhani yofulumira. Ndi bwino kulemba kamzere pansi pake konena kuti ndi nkhani yanji.

Kuimba foni kumaposa zonsezi, ngakhale ambiri timakuopa. Amit Kumar ndi Nicholas Epley, mu kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2021, anapempha anthu kuti alumikizanenso ndi mnzawo wakale, ena pa imelo, ena poimba foni. Ambiri ankayembekezera kuti kuimba kukhala komangika ndipo ankakonda kulemba. Koma amene anaimba anamva kuti ayandikirana kwambiri ndi mnzawoyo, ndipo kumangika kumene ankakuopa sikunapose kwa amene analemba. Chofunika n'chakuti musangoimba mwadzidzidzi kwa munthu amene akuvutika kale kuyankha. Pemphani kaye, ndipo muike malire: "Ndikuimbire mphindi zisanu Loweruka masana? Ndikungofuna kumva mawu ako." Mphindi zisanuzo zikakwana, nenani kuti zakwana. Akafuna kupitiriza, anena yekha.

Ndi pa foni yotere pamene mnzanga anandiuza kuti anamusinthira ku ntchito ya usiku, ndipo masana ankasamalira mayi ake amene ankadwala. Ankagona maola anayi. Mauthenga anga a madzulo ankawaona ali m'njira yopita ku ntchito, ndipo funso langa lakuti mayi ali bwanji, limene ine ndinkaliona ngati lachikondi, linali funso limene sankatha kuliyankha m'mizere iwiri popanda kugwetsa misozi. Choncho ankaika foni m'thumba, n'kudzalemba "Zoona" mawa lake. Zimenezi sakanazilemba. Zinatuluka chifukwa ndinamva mawu ake akunjenjemera ndipo ndinakhala chete kumudikira.

Funsani mwachindunji, kamodzi kokha

Ngati mwayesa uthenga wopepuka kawiri kapena katatu m'milungu iwiri kapena itatu, mwapempha kuimba, ndipo palibe chasintha, yakwana nthawi yofunsa. Safunsa anadya phula. Koma kafunsidwe kake n'kofunika. Nenani zimene mwaona, osati zimene mukumuganizira, ndipo mupatseni njira yoyankhira mosachita manyazi. Mwachitsanzo: "Ndaona kuti masiku ano sitikucheza ngati kale. Ngati watanganidwa kapena pali zimene ukudutsamo, ndamva, ndipo sindikukakamiza. Ngati pali pamene ndinakulakwira, ndiuze, ndikufuna ndikonze." Kwa munthu wamkulu kwa inu kapena amene simunazolowerane naye, mawu ake ndi omwewo koma mwaulemu wake: "Ngati pali pamene ndinakulakwirani, chonde ndiuzeni."

Yerekezani ndi "Bwanji ukundinyalanyaza?" Funso limeneli laweruza kale, ndipo mayankho ake ndi awiri okha: kukana kapena kukangana.

Ngati powerenga m'mbuyo muja munapeza pamene munalakwa, musadikire milungu itatu, ndipo musafunse ngati simukudziwa. Pitani pomwepo: "Nthabwala ija ya Lachiwiri yokhudza ntchito yako sinali bwino. Pepa." Tchulani cholakwacho ndi dzina lake, musawonjezere "koma nawenso", ndipo musamalize ndi funso lomukakamiza kunena kuti wakhululuka. Akhoza kutenga masiku.

Funso lachindunjili ndi la kamodzi. Mukalibwereza mlungu uliwonse, macheza anu onse amasanduka okambirana za macheza, ndipo palibe amene amasangalala nazo.

Pamene muyenera kusiya, ndi pamene simuyenera kusiya

Si macheza onse amene angadzuke, ndipo njira zonse ndafotokozazi sizingapange chidwi pamene palibe. Zimangochotsa zopinga pamene chidwi chilipo. Munthu akakuuzani kuti akufuna mpata, kapena kuti musamulemberenso, mawu amenewo ndi omaliza. Musamufunefune pa nambala ina, musatume anzake, musamulembere pa malo ena ochezera. Chimodzimodzi ngati zizindikiro zikusonyeza kuti wakutsekerani: uthenga ukungokhala pa tiki imodzi masiku ambiri, chithunzi chake sichikuoneka, ndipo mukaimba pa WhatsApp sizikulowa. Chizindikiro chimodzi pachokha sichitsimikiza kanthu, koma zikakhala zonse pamodzi, lemekezani zimenezo.

Kwa munthu amene mwadziwana naye milungu iwiri kapena itatu yokha, makamaka ngati mukumufuna chibwenzi, malire ake ndi aafupi kwambiri. Mauthenga awiri abwino opanda yankho lenileni ndi okwanira. Anthu ambiri, makamaka amene anaonapo munthu akukwiya atakanidwa, amaopa kunena "ayi" poyera ndipo amagwiritsa ntchito mayankho afupiafupi ngati njira yokana mwaulemu. Kupitiriza kulemba pamenepo sikuonetsa chikondi, kumamuopseza. Ngati mukufuna kutsanzika, mzere umodzi ukwanira: "Ndasangalala kucheza nawe. Ukadzafuna kucheza, ndilipo." Ndipo mukatero musalembenso.

Koma pali chete wina amene simuyenera kumusiya. Ngati mnzanu wapamtima wasiya kuyankha aliyense, osati inu nokha, wasowa m'magulupu amene ankalankhulamo tsiku lililonse, ndipo mawu ochepa amene akulemba ndi onga "ndatopa nazo zonse" kapena "ndine mtolo kwa anthu", imeneyo si nkhani ya luso la kucheza. Kudzipatula kotere kumayenda limodzi ndi matenda a kukhumudwa kwakukulu. Lamulo la mauthenga awiri lija pano silikugwira ntchito. Imbani foni. Akapanda kuyankha, lankhulani ndi m'bale wake kapena munthu amene amakhala naye pafupi, kapena pitani mukamuone. Ngati wanenapo zofuna kudzipha, mufunseni mosapita m'mbali, musamusiye yekha, ndipo muthandizeni kuonana ndi achipatala tsiku lomwelo. Kufunsa za zimenezi sikumuika maganizowo m'mutu.

Kwa munthu amene akudutsa m'nyengo yovuta koma sali pa ngozi, uthenga wabwino kwambiri ndi wosafuna yankho n'komwe. Ndi umene ndinagwiritsa ntchito kwa mnzanga uja miyezi itatu yotsatira. Lachitatu lililonse cha m'ma 1 koloko masana ndinkamulembera mzere umodzi kapena iwiri: kuti ndamukumbukira, kapena kanthu kakang'ono kamene kachitika, n'kumaliza ndi "usavutike kuyankha". Za mayi ake tinagwirizana kuti ndisamafunse pa uthenga, azindiuza yekha tikaimbirana Loweruka. Milungu ina ankayankha ndi kamtima kokha. Milungu iwiri sanayankhe chilichonse, ndipo ine sindinawonjezere uthenga wina mpaka Lachitatu lotsatira. Mwezi wachinayi, Lolemba m'mawa ndikukonzekera kupita ku ntchito, foni inalira. Anali iye, atayamba yekha: chithunzi cha mwana wake ataimirira atagwira mwendo wa tebulo, ndi mawu oti, "Aise, funso lako lija la kalekale. Wayamba dzulo."